Amayi adwala sitiroko, kuntchito akuti nditenge livi yopanda malipiro. Pali njira ina?

Nangozo:
Abale mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani yanga, ndithandizeni maganizo chifukwa mutu sukugwira. Amayi anga anadwala sitiroko mwezi watha, atuluka m'chipatala ali kwathu kuno ku Lilongwe, mbali ya kumanja sikugwira bwino ndipo a fiziyo akuti azipita Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa kwa miyezi itatu kaye. Ine ndimagwira ku akaunti, kulipira masaplaya ndi kukonza malipiro a antchito, ofesi yake si yayikulu tilipo awiri basi ndi bwana wa zachuma. Ndakadandaula kwa a HR akuti ndatsala ndi masiku 9 a livi, akatha amenewo nditenge yopanda malipiro miyezi itatu. Koma miyezi itatu osalandira ndiye mankhwala, takisi yopita ku fiziyo, lendi, loni ya ku banki zichokera kuti? Ndikuganiza zowapempha kuti ndizigwirira kunyumba kapena andichepetsere maola, koma sindikudziwa poyambira ndipo ndikuopa angandione ngati ndikufuna kumalandira ndili phee pakhomo.

Mai a Mapasa:
Pepani sisi. Koma lamulo liripo tu, ine nditabereka anandipatsa masabata 8 malipiro onse, nditabwerera ndinkaweruka msanga kukayamwitsa ndipo sanandidule ngakhale tambala. Akuuzeni bwino amenewo

Nangozo:
Ayi sisi si uchembere, ndi amayi anga ondibereka amene akudwala kkkk mwana wanga wotsiriza ali folomu 2

Mai a Mapasa:
Iiii ndawerenga mothamanga, ndikhululukireni. Mulungu awakhudze amayi

Jasi wa ku Kawale:
Nanga bwanji osangotenga livi ya matenda? Paja ndi masabata 4 malipiro onse ndi masabata 8 theka. 4 kuphatikiza 8 ndi 12, miyezi itatu yakwana kale apo. Pezani kalata ya dokotala basi nkhani yatha

Anti Nachisale:
Manambalawo mwalondola achimwene, lamulo la ntchito la 2000 likutero ndithu, kwa munthu amene wagwira miyezi 12 pamalopo. Koma livi imeneyo ndi ya iwe mwini ukadwala, kalata ya dokotala imanena kuti wantchitoyo ndi amene sangathe kugwira. Amayi akadwala simulowamo. Ndipo chonde Nangozo usayese zopezetsa kalata yabodza, ndakhala ku HR zaka zambiri ndipo ndinaonapo munthu akuchotsedwa ntchito pa nkhani ngati yomweyi, anamuona pa mzere wa fiziyo akukankha wilitcheya pamene kalata ikuti ali gone ndi msana. Wa ku akaunti akagwidwa ndi pepala labodza ndiye basi, ndani angamupatsenso ndalama za kampani.

Ndikuuze zoona kuti usapite kwa bwana ndi mtima woti ndi ufulu wanga. Livi yosamalira kholo lodwala m'lamulo mwathu mulibe, kugwirira kunyumbanso palibe chokakamiza bwana kuti avomere. Zimene anena Mai a Mapasa zija ndi za oyembekezera ndi oyamwitsa. Iweyo chako ndi kugwirizana, ndiye uyenera kupita ndi chinthu chimene bwana atachiona anene kuti izi zindipepukira kuposa kuti apite miyezi itatu. Tandiuza kaye, umalandira zingati asanadule, maola angati pa sabata, ndipo masana amayi amakhala ndi ndani?

Nangozo:
Anti zikomo. K600,000 asanadule, Lolemba mpaka Lachisanu maola 8 pa tsiku. Pakhomo pali mwana wa achemwali anga amene anamaliza folomu 4, amatha kuwasambitsa ndi kuwadyetsa koma ku fiziyo sangapite nawo yekha, kuwakweza m'galimoto pamafunika anthu awiri komanso amafuna munthu wamkulu woti amve zimene akuphunzitsa kuti tizikachita kunyumba. Timanyamuka 7, pobwera imakhala cha m'ma 12 chifukwa cha mzere

Anti Nachisale:
Ndiye waona, vuto lako si miyezi itatu. Vuto lako ndi m'mawa uwiri pa sabata. A HR akupatsa mankhwala a njovu pa chilonda cha mbuzi chifukwa fomu ya livi ndi imene ili pafupi mu dirowa.

Tiye tiwerenge limodzi. Ukatenga livi yopanda malipiro miyezi itatu, wataya K1,800,000 asanadule, ndipo penshoni miyezi imeneyo sikulowa. Tsono tiyerekeze kuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu uli ku ofesi tsiku lonse, amenewo ndi maola 24. Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa uli ku fiziyo, masana kuyambira 1 mpaka 5 ukugwirira kunyumba, maola 8. Onse pamodzi 32 m'malo mwa 40. Akakudula molingana ndi maola uzilandira K480,000, ndiye kuti pa miyezi itatu wataya K360,000 yokha. Siyanitsa ndi K1,800,000 ija.

Koma ndisanafike pokudula, pali masiku ako 9 aja. M'mawa uwiri pa sabata ndi tsiku limodzi lathunthu. Ukawapempha kuti masiku 9 uziwadya theka theka, akufikitsa masabata 9 malipiro osakhudzidwa konse. Miyezi itatu ndi masabata 13, ndiye otsala ndi masabata 4, kutanthauza masiku 4 okha opanda malipiro. Ngati kwanuko amagawa malipiro ndi masiku 22, tsiku limodzi ndi K27,000 ndi kakusintha pamwamba, masiku 4 ndi pafupifupi K109,000. Imeneyo ndiyo ndingayambe nayo ine.

Jasi wa ku Kawale:
Eeee anti masamu amenewa ndiye andigonjetsa kkkk kuchoka pa 1.8 miliyoni kufika pa 109

Nangozo:
Anti mwanditsegula maso, ine ndimangoganiza kuti livi umatenga yonse kamodzi. Koma amalola kudula tsiku pakati?

Anti Nachisale:
Ena amalola ena ayi, zili m'buku la malamulo a kampani yanu, kalione. Likakhala chete pa nkhaniyi ndiye kuti ndi bwana kuvomera basi. Ena makina awo a livi salandira theka, ndiye mumangogwirizana kuti Lachiwiri ndi Lachinayi muzilemba ngati tsiku limodzi pa fomu. Si nkhani yovuta munthu akafuna.

Namaseko:
Ine ndikutsutsako pang'ono anti, osati masamu koma moyo wake. Ndinadwazikapo bambo anga matenda omwewa. Livi ya pachaka ija ndi yoti munthu apume, ndiye mukaimwaza yonse pa mzere wa fiziyo pofika mwezi wachitatu Nangozo adzakhala atatheratu ndipo alibe ngakhale tsiku limodzi la mwadzidzidzi. Wodwala sitiroko BP imatha kukwera usiku mwathamangira kuchipatala, mawa lake mupempha chani? Ine ndikanasunga masiku 3 kapena 4 pambali ndi kulola andidule pang'ono.

Komanso ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Ndinapempha maola ochepa, anavomera mwansangala, anandidula malipiro. Koma ntchito sanachotsepo ngakhale imodzi. Ndinkaweruka 1 koloko koma foni kulira mpaka 8 usiku, malipoti omwe aja tsiku lomwe lija, ndiye ndinkagwira Loweruka ndi Lamulungu kuti ndikwanitse. Mapeto ake ndinagwira ntchito yonse pa malipiro odulidwa miyezi isanu, kampani ndi imene inapindula. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa

Anti Nachisale:
Apo Namaseko wanena zoona ndipo za kusunga masiku sindikukana, Nangozo asankhe yekha, akasunga 3 ndiye odulidwa akhala 7 m'malo mwa 4, cha m'ma K190,000. Koma msampha umene unagwa iwewo ndi umene umagwira anthu ambiri. Umadziwika msanga: sabata yoyamba ukaona kuti ukutsegula laputopu amayi atagona kuti umalize za masana, dziwa kuti maola anachepa pa pepala pokha. Ndiye popempha usamangonena maola, utchule ntchito. Maola 8 pa sabata akuchoka, ndi ntchito ziti za maola 8 zimene zichoke pa tebulo lako, ndipo zipita kwa ndani? Nangozo talemba zonse zimene umachita pa mwezi tione

Nangozo:
Malipiro a antchito kuyambira pa 20 mpaka pa 25, PAYE ya ku MRA isanafike pa 14, penshoni, kulipira masaplaya Lachisanu lililonse, kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki, peti kashi tsiku lililonse, kupita ku banki kukasiya macheke ndi makalata, kufayila ma invoisi, ndiye ndi zija za bwana akangodzuka "tandipezere chakuti"

Anti Nachisale:
Bho. Zigawe patatu. Zimene zimafuna thupi lako ku ofesi: peti kashi, ku banki, kufayila, kusainitsa. Zimene ungachite paliponse pali laputopu: kufananitsa mabuku ndi banki, kukonza ndandanda ya masaplaya, kulemba za PAYE pa Msonkho Online. Ndi zimene bwana amagona nazo m'mutu: malipiro pa 25 ndi msonkho pa 14. Zachitatuzi umutsimikizire poyamba penipeni kuti sizisuntha, chifukwa mantha ake onse ali pamenepo, anthu akachedwa kulandira amene amatukwanidwa ndi iyeyo ndipo msonkho ukachedwa pali chindapusa.

Peti kashi ya Lachiwiri ndi Lachinayi ndi maulendo a ku banki upereke kwa mnzako uja, koma ukambe naye kaye iweyo bwana asanamuuze. Munthu akamva kwa bwana kuti wawonjezeredwa ntchito chifukwa cha iwe, chidani chimayambira pomwepo. Ndipo kabokosi ka peti kashi muziwerengerana ndi kusainirana Lolemba ndi Lachitatu poweruka, ndalama ikasowa pasakhale kulozana zala.

Mjomba wa Mawaya:
Ndilowepo pa za kunyumbazo poti ndi gawo langa. Funso loyamba sisi, pulogalamu ya malipiro ili pa seva ya mu ofesi kapena mumalowa pa intaneti? Ngati ili pa seva ndiye kunyumba simungaifike popanda VPN, njira yotetezedwa yolowera pa seva ya ofesi muli kutali, ndipo mabwana ambiri pa malipiro amakana, ndipo ine sindiwada. Musadzayerekeze kukopera fayilo ya malipiro pa fulashi kapena kudzitumizira pa WhatsApp kuti mukamalizire kunyumba, tsiku limene malipiro a bwana adzadziwike ku kantini woyamba kumuloza ndinu. Laputopu ikhale ya kampani, ya pasiwedi, mwana wa achemwaliyo asamaonerepo mafilimu.

Chachiwiri magetsi. Laputopu yakale batire limagwira mwina ola limodzi ndi theka, inu mwalonjeza maola 4. Magetsi akazima 1 koloko mutani? Muyankhe funso limenelo mu kalata bwana asanafunse. Ngati muli ndi inveta kapena sola nenani, ngati mulibe nenani kuti tsiku lopanda magetsi ndidzabwera ku ofesi pofika 2. Ndi bandulo, mugwirizane ndani akugula

Nangozo:
Ili pa seva ya mu ofesi mjomba. Zinazo ndi Excel ndi pa intaneti. Inveta ndilibe, ndili ndi kasola ka mababu ndi kutchaja foni basi

Mjomba wa Mawaya:
Ndiye VPN musaipemphe n'komwe, mungowapatsa chifukwa chokanira zonse. Sabata ya malipiro muzipita ku ofesi masana mukachoka ku fiziyo. Kunyumba muzichita za Excel ndi za msonkho

Jasi wa ku Kawale:
Koma inetu funso, ngati fiziyo ikutha 12 bwanji osangopita ku ofesi masana masiku onse? Za kunyumbazi zikubweranso chifukwa chani

Nangozo:
Akachoka ku fiziyo amakhala otopa kwambiri achimwene, tsiku lina anasanza m'galimoto, ndipo kudya kwake kumafuna kuleza mtima chifukwa amatsamwa. Mtsikana uja amachita mantha. Ndikawafikitsa, kuwadyetsa, kuwagoneka, ndiye ndikwere minibasi mpaka mtauni ndikafika 2:30, maola awiri ndabwereranso. Kunyumba 1 koloko ndakhala kale pa tebulo ndipo khutu lili kuchipinda

Namaseko:
Khutu lili kuchipindalo ndi limene bwana akuopa kkkk. Kunena chilungamo kugwira ntchito ndi wodwala m'nyumba si zophweka, akangoitana "Nangozo" sungati dikirani ndimalize kolamu iyi. Musalonjeze kuti muziyankha foni mphindi iliyonse

Achimwene a ku Leeds:
Kuno zinthu izi ndi lamulo, kuyambira Epulo 2024 munthu utha kupempha kusintha maola kapena kugwirira kunyumba kuyambira tsiku loyamba pa ntchito, kawiri pa chaka, ndipo bwana ayenera kuyankha pasanathe miyezi iwiri. Akakana apereke chifukwa cha bizinesi. Kumudziko tinatsalira

Jasi wa ku Kawale:
Nanga Nangozo akawerengere bwana wake lamulo la ku Mangalande? kkkkk

Achimwene a ku Leeds:
Ayi aise ndimangonena. Komanso ngakhale kuno ndi ufulu wopempha chabe, amakana ndithu. Chimene ndinaona chikugwira ntchito ndi kunena kuti tiyese mwezi umodzi, zikavuta tibwerere. Bwana savutika kuvomera chinthu chimene akudziwa kuti atha kuchibweza

Anti Nachisale:
Mfundo ya kuyesa mwezi ndi yabwino, itenge. Tsopano za pepala, ndipo apa ndimvetsere bwino. Chilichonse chimene mugwirizane chilembedwe, asaine bwana ndi a HR, iwe usunge kope kunyumba osati mu dirowa ya ku ofesi. Mulembedwe tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndi mawu oti likadzafika tsikulo ubwerera pa udindo wako, maola ako ndi malipiro ako akale. Mulembedwenso kuti kontirakiti yako sikusintha, ichi ndi chogwirizana cha kanthawi.

Chifukwa chake ndi ichi. Akakupatsa kontirakiti yatsopano ya maola 32 pa K480,000 yopanda tsiku lothera, amenewo ndiwo malipiro ako tsopano. Penshoni paja bwana amaika 10 peresenti iwe 5, pa K600,000 ndi K90,000 pa mwezi, pa K480,000 ndi K72,000. Kwa miyezi itatu kusiyana kwake ndi K54,000, munthu utha kupirira, koma zikakhala zamuyaya ndi nkhani ina. Ndipo kampani ikadzati tikuchepetsa antchito, ndalama ya sevelansi amawerengera pa malipiro amene ukulandira nthawi imene ntchito ikutha. Zaka zonse unagwira pa malipiro athunthu adzakuwerengera pa odulidwa. Ndiye ngati kudula kulipo, ndi bwino peyisilipi izionetsa K600,000 pamwamba kenako mzere wa masiku osagwira akuchotsa, kusiyana ndi kusintha nambala ya pamwambayo.

Loni usaiwale, banki idula yomwe ija kaya walandira zochepa. Funsanso za sikimu ya chipatala ngati muli nayo, pa livi yopanda malipiro makampani ena amati uzilipira wekha gawo lawo.

Nangozo:
Ndalemba kalata, tandionereni musanagone:

Bwana, monga mukudziwa amayi anga akudwala ndipo akufunika kupita ku fiziyo Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa kwa miyezi itatu. M'malo motenga livi ya miyezi itatu, zomwe zingasiye ofesi ndi munthu mmodzi, ndikupempha kuti masiku awiriwa ndizigwira kuyambira 1 mpaka 5 koloko ndili kunyumba, ndipo m'mawa muzichotsa pa masiku anga a livi. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndizikhala ku ofesi monga mwa nthawi zonse. Malipiro a antchito ndi msonkho zizituluka pa masiku ake, ndipo sabata ya malipiro ndizibwera ku ofesi masana. Peti kashi ndi za ku banki masiku awiriwa ndakambirana ndi mnzanga ndipo wavomera. Ndikupempha tiyese mwezi umodzi kenako tikhale pansi tione.

Anti Nachisale:
Yabwino, yaifupi. Onjezera masiku enieni oyambira ndi othera, za magetsi zija, ndi chiganizo cha kubwerera pa maola akale. Wavomeradi mnzakoyo kapena walemberatu? Ndipo usaitumize kaye. Kalankhule ndi bwana wa zachuma pamaso, nthawi yoti si ya malipiro, iyeyo akagwedeza mutu ndiye kalata ipite ku HR. Ukayambira ku HR adzamufunsa iye, ndipo bwana amene wadzidzimutsidwa amayankha ayi.

Nangozo:
Wavomera anti, ndamuimbira. Wati bola Disembala ndidzamugwirire akamapita ku ukwati wa mlongo wake

Namaseko:
Ine ndikadali pa mfundo yanga, mwapereka masiku onse 9 mu kalatamo. Lembani 6

Nangozo:
Ndabwera ndi ndemanga abale. Ndinakumana nawo dzulo. Za theka theka avomera, ndinalemba 6 monga ananenera a Namaseko, otsalawo azindidula. Za kunyumba avomera Lachinayi lokha, Lachiwiri akuti ndizibwera masana chifukwa ndi tsiku la miting'i ya mabwana ndipo amafuna manambala pompopompo. Laputopu andipatsa, bandulo akuti ndizigula ndekha. Mwezi umodzi woyesa. Koma a HR akuti kalata yosainira siyofunika, imelo ya bwana yoti "ok" ndi yokwanira

Jasi wa ku Kawale:
Imelo ndi umboni tu, isungeni basi

Anti Nachisale:
Ndi umboni inde, kuposa pakamwa, koma "ok" akuvomera chani? Kalata yako inati masiku awiri kunyumba, mwagwirizana limodzi. Lemba imelo ina yondandalika zimene mwagwirizana dzulo, masiku, kadulidwe, tsiku lothera, uwapemphe ayankhe pomwepo, a HR uwaike pa kope. Ukatero isindikize.

Mjomba wa Mawaya:
Batire la laputopuyo mwaliyesa? Lizuleni ku magetsi lero madzulo muone ligwira maola angati Lachinayi lisanafike

Nangozo:
Ndiyesa mjomba. Chimene chikundivuta pano ndi Lachiwiri masana, mtsikana uja ndamuuza wayamba kale kulira kuti agogo akatsamwa ndili ndekha nditani. Mwina ndipemphe a fiziyo atisinthire Lachiwiri likhale Lachitatu, kaya amalola. Alipo anayesapo?